Golide Akakwera Mtengo, Amayamba Kufika Pamsika Ndi Uti?

M'chaka cha 2024, mtengo wa golide unakwera kwambiri. Tikatenga chaka chonse, aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1, inkagulidwa pa madola pafupifupi 2,390 a ku America, kukwera ndi 23 peresenti poyerekeza ndi 2023. Munthu angaganize kuti eni migodi atamva zimenezi anathamangitsa makina usana ndi usiku n'kutulutsa golide wochuluka. Sizinatero. Malinga ndi bungwe la World Gold Council, migodi yonse ya padziko lapansi inatulutsa matani oposa 3,600, pafupifupi ofanana ndi a chaka cham'mbuyo. Amene anachuluka ndi golide wochokera m'manja mwa anthu, wa mphete, ndolo, mikanda ndi zibangili zakale zimene eni ake anagulitsa kuti zikasungunulidwenso. Ameneyu anafika matani pafupifupi 1,370, kukwera ndi 11 peresenti.

Golide wofika pamsika amachokera m'njira ziwiri zimenezi, ndipo akayengedwa palibe amene angasiyanitse wa mumgodi ndi wa mphete ya agogo. Komabe mtengo ukakwera, njira ziwirizi sizichita zinthu mofanana. Ina imayankha m'masabata ochepa, inayo imatha zaka khumi kapena kuposerapo. Munthu akamvetsa chifukwa chake, amamvetsanso chimene chimachititsa kuti mtengo wa golide ukwere kwa zaka zambiri popanda golide watsopano wodzauziziritsa.

Chuma chimene sichitha

Mafuta a galimoto akapsa, apita. Golide ndi wina. Sachita dzimbiri, savunda, ndipo ngakhale asungunulidwe kangati amakhala yemweyo. Pafupifupi golide yense amene anthu anakumba kuyambira makedzana akadalipo, ndipo akatswiri amati ndi matani oposa 210,000. Pafupifupi theka lake lili m'zodzikongoletsera, ndipo wotsalayo ali m'mabanki aakulu a maiko, m'manja mwa anthu osunga chuma, ndi m'zipangizo zosiyanasiyana. Migodi yonse pamodzi imangowonjezera golide wosafika 2 peresenti pa mulu umenewu chaka chilichonse.

Zili ngati chimanga. Mtengo ukakwera mwezi wa Januwale, amene ali ndi nkhokwe yodzaza akhoza kupita kumsika mawa lomwe. Amene akudalira munda ayenera kudikira nyengo, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Golide wa m'manja mwa anthu ndiye nkhokweyo, ndipo mgodi ndiwo munda, kungoti nyengo ya munda umenewu imawerengedwa m'zaka.

M'zaka zambiri, golide wosungunulidwanso amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a golide yense wofika pamsika. Pa magawo khumi aliwonse a golide ameneyu, asanu ndi anayi amachokera ku zodzikongoletsera. Gawo limodzi lokha ndilo limachokera ku mafoni, makompyuta ndi zipangizo zina zakutha, chifukwa foni imodzi imakhala ndi golide wochepa kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a galamu, ndipo kumuchotsa kumafuna fakitale yaikulu. Choncho tikamanena za golide wosungunulidwanso, kwenikweni tikunena za mabanja amene aganiza zogulitsa zokongoletsera zawo. Owerengera msika sawerengera mayi amene wapereka ndolo zakale kwa mmisiri kuti amupangire zatsopano, popeza golide wakeyo sanalowe pamsika. Amawerengera yekhayo amene wagulitsa n'kulandira ndalama.

Ulendo wa mkanda umodzi

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi mkanda wolemera magalamu 10, ndipo pa chokolowekera chake padindidwa nambala 750. Nambala imeneyi ikutanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 750 ndi golide, zomwe ogulitsa amati makalati 18. Zotsalazo ndi siliva, kopa kapena zitsulo zina zolimbitsa. Akanadinda 916, akanakhala makalati 22, amene ndi otchuka ku India. Akanadinda 375, akanakhala makalati 9, amene amapezeka kwambiri ku Britain ndi ku South Africa. Mkanda wa mayiyu uli ndi golide weniweni wokwana magalamu 7.5.

Ngati galamu imodzi ikugulidwa pa madola 40, golide wa mu mkandawo ndi wa madola 300. Wogula sapereka ndalama yonseyo. Amadulapo yake ndi ya oyenga, ndipo tiyerekeze kuti wadula 10 peresenti, mayiyo alandira madola 270. Mwina aona kuti ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi mmene amaukondera mkandawo, n'kuubweza m'kabati. Koma galamu ikafika pa madola 80, alandira madola 540, ndalama yoti n'kulipira sukulu ya mwana kapena kubweza ngongole. Mkanda sunasinthe, ndipo mayiyo sanawononge khobidi kuti aupeze. Chasintha ndi maganizo ake okha, ndipo maganizo amatha kusintha tsiku limodzi.

Wogula amayesa mkandawo pousisita pa mwala wakuda n'kudonthezapo asidi, kapena amauika m'makina ounika chitsulo ndi cheza. Apa ndi pamene zinthu zimalakwika nthawi zambiri. Chinthu chongokutidwa ndi golide pamwamba chimatha kunamiza makina ounikawo, chifukwa amangoona khungu lokha. N'chifukwa chake wogula wodziwa ntchito amapala pang'ono kapena kudula kaye. Akasonkhanitsa zambiri, amazisungunula pamodzi kukhala chibuma chimodzi, amatapako pang'ono kuti akayese m'ng'anjo, kenako n'kutumiza kwa oyenga aakulu monga Rand Refinery ya ku Germiston ku South Africa, kapena a ku Switzerland ndi ku Dubai. Kumeneko amapemerera mpweya wa kulorini mu golide wosungunukayo, ndipo mpweyawo umakoka siliva ndi kopa n'kusiya golide woyera 99.5 peresenti. Akafuna woyera kuposa pamenepo, amamuyenganso ndi magetsi mpaka 99.99 peresenti. Kuchokera m'kabati mwa mayi uja kufika pokhala chibuma chovomerezeka pamsika wa ku London, pamangodutsa masabata ochepa.

Chimene chimatsegula makabati

Komatu si kuti mtengo ukangokwera ku London ndiye kuti aliyense agulitsa. Pali zinthu zitatu zimene zimalamulira.

Choyamba ndi mtengo wa m'ndalama ya kwawo. Mayi wa ku Istanbul kapena ku Cairo saona madola, amaona ndalama imene adzagulire chakudya. Ndalama ya dziko ikagwa mphamvu, golide amakwera mtengo m'dzikomo ngakhale kunja mtengo usanasunthe. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku South Korea kumayambiriro kwa 1998. Nthawi imeneyo golide anali wotsika mtengo padziko lonse, pafupifupi madola 300 pa aunsi, koma ndalama ya dzikolo inali itagwa kwambiri ndipo boma linkasowa madola obwezera ngongole zakunja. Anthu oposa 3 miliyoni anaima pamizere m'mabanki ndi mphete zaukwati, mamendulo ndi timphete topatsidwa kwa makanda, ndipo m'miyezi yochepa panasonkhana matani oposa 220. Palibe mgodi uliwonse padziko lapansi umene umatulutsa golide wochuluka choncho ngakhale pa chaka chathunthu.

Chachiwiri ndi mavuto a zachuma. Mtengo wokwera umakopa, koma umphawi umakankha. Zikakumana ziwirizi, golide amakhamukira kwa ogula. Ndi zimene zinachitika mu 2009, chuma cha dziko lonse chitagwedezeka. Anthu ambiri ku America ndi ku Ulaya anachotsedwa ntchito pa nthawi yomwe golide anali pafupi ndi madola 1,000, ndipo mashopu ogula golide wakale anamera m'misewu ya mizinda yambiri. Chaka chimenecho golide wosungunulidwanso anaposa matani 1,700, kuchuluka kumene sikunafikidwepo kale.

Chachitatu ndi chiyembekezo. Munthu amene akuona mtengo ukukwera mwezi ndi mwezi amazengereza, poganiza kuti mawa adzapeza zambiri. Nthawi zambiri anthu amagulitsa mtengo ukalumpha mwadzidzidzi, kapena ukaoneka ngati wafika pamapeto ndipo wayamba kubwerera. Ku India kulinso njira ina: m'malo mogulitsa, mabanja ambiri amapinyolitsa zibangili ku mabanki ndi ku makampani obwereketsa ndalama monga Muthoot Finance. Mtengo ukakwera, zibangili zomwezo zimabweretsa ngongole yokulirapo, ndipo golideyo amangokhala m'sefa osasungunulidwa.

Palinso malire ena. Golide amene anthu sazengereza kugulitsa, monga ndolo yotayika inzake, tcheni choduka, kapena mphete ya chibwenzi chimene chinatha, amagulitsidwa kamodzi kokha. Akatha ameneyo, wotsala ndi wa chiwongo, wa cholowa ndi wa ukwati, amene anthu samutaya wamba. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene golide wosungunulidwanso mu 2024 analephera kufika pa mlingo wa 2009, ngakhale mtengo unali woposa kuwirikiza kawiri.

Mgodi suthamanga

Tsopano tione mbali inayo. Kampani ikafuna kutsegula mgodi watsopano, imayamba ndi kufufuza. Akatswiri a miyala amatola dothi ndi miyala, kenako amaboola mabowo mazanamazana, ena akuya mamita mazana angapo, n'kutulutsa miyala yooneka ngati mipini kuti akaiyese. Malo ambiri ofufuzidwa sasanduka migodi. Pa ochepa amene aonetsa golide wokwanira, pamafunika kuwerengera ngati kukumba kungabweze ndalama, kuunika mmene chilengedwe chidzakhudzidwire, kupeza ziphaso za boma, kukambirana ndi anthu oyenera kusamutsidwa, ndi kupeza ngongole ya madola mamiliyoni mazanamazana. Zikatheka zonsezi m'pamene amamanga msewu, magetsi, damu losungira zinyalala ndi chigayo cha miyala. Kuchokera pa tsiku lopeza golide kufika pa tsiku lothira chibuma choyamba, nthawi zambiri pamadutsa zaka 10 mpaka 20.

Mgodi wa Kibali, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Congo, umadziwika kuti unamangidwa mwachangu. Derali linkadziwika kuti lili ndi golide kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo kafukufuku wambiri anali atachitika kale pamene makampani a Randgold Resources ndi AngloGold Ashanti analigula mu 2009. Ngakhale zinali choncho, golide woyamba anatuluka mu Sepitembala 2013. Pamene ankagula malowo mtengo unali kukwera, koma chaka chimene anayamba kugulitsa ndi chomwe mtengo unagwa ndi 28 peresenti. Umu ndi mmene zimakhalira ndi migodi: chiganizo chimamangidwa pa mtengo wa lero, koma golide amadzagulitsidwa pa mtengo wa zaka zisanu kapena khumi kutsogolo, umene palibe akuudziwa. N'chifukwa chake makampani akamawerengera golide amene ali pansi pa nthaka, amagwiritsa ntchito mtengo wotsika kuposa wa pamsika, ndipo sausintha mpaka ataona kuti kukweraku kwakhazikika.

Pamene mtengo wokwera umachepetsa golide

Nanga migodi yomwe ilipo kale, bwanji osangowonjezera? Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Mgodi sukumba golide, umakumba miyala. Mu tani imodzi ya miyala ya mgodi wapamtunda mumakhala galamu imodzi kapena ziwiri za golide, nthawi zina zosafika n'komwe. Miyalayo imaphwanyidwa, kugayidwa mpaka kukhala ngati ufa, n'kuviikidwa m'madzi a sayanaidi amene amasungunula golideyo. Chigayo chili ndi muyezo wake. Chomangidwa kuti chizigaya matani 1 miliyoni pa chaka sichingagaye 2 miliyoni chifukwa choti mtengo wakwera, ndipo kuchikulitsa kumatenga zaka ziwiri kapena zitatu.

Popeza chigayo sichisintha, funso limene woyang'anira mgodi amayankha tsiku ndi tsiku ndi lakuti: ndi miyala iti yopita kuchigayo, ndipo ndi iti yokataya? Tiyerekeze kuti kukumba ndi kugaya tani imodzi kumadya madola 72, ndipo pa golide yense wa mu mwala, fakitale imatha kugwira 90 peresenti. Galamu ikakhala pa madola 40, mwala wa magalamu awiri pa tani umapereka magalamu 1.8, omwe ndi madola 72. Pamenepo ndiye pa malire. Mwala uliwonse wosafika magalamu awiri ndi wotaya, chifukwa kuugaya n'kuluza. Mgodiwo umasankha miyala yonona yokha, tinene ya magalamu atatu pa tani tikaphatikiza yonse, ndipo pa chaka umatulutsa makilogalamu 2,700 a golide, a ndalama zokwana madola 108 miliyoni.

Tsopano galamu yafika pa madola 80. Malire aja atsikira pa galamu imodzi, ndipo miyala yambiri imene inali yotaya yasanduka chuma. Woyang'anira wanzeru saisiya, chifukwa akaidumpha lero n'kupitirira, mwina sadzathanso kubwerera kukaitenga. Amaisakaniza ndi yonona ija, ndipo miyala yolowa m'chigayo imatsika kufika pa magalamu 2.5 pa tani. Chigayo chikugayabe matani 1 miliyoni, koma golide wotuluka tsopano ndi makilogalamu 2,250, kuchepa ndi makilogalamu 450. Ndalama zolowa zakwera kufika pa madola 180 miliyoni, ndipo moyo wa mgodi watalika ndi zaka zingapo. Eni mgodi apindula, antchito asunga ntchito nthawi yaitali, koma msika walandira golide wocheperapo pa nthawi imene ukufuna wambiri. Mtengo ukagwa zimatembenuka: mgodi umathamangira miyala yonona kuti upulumuke, ndipo golide wotuluka amatha kuchuluka kwa kanthawi.

Izi si za papepala chabe. Mu 1970, golide ali pa madola pafupifupi 35 pa aunsi, migodi ya ku South Africa inatulutsa matani 1,000. Mu Januwale 1980 mtengo unagunda madola 850, koma chaka chimenecho dzikolo linatulutsa matani osafika 700. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali chomwechi, kugaya miyala yosanona. Kunalinso vuto la antchito, ndipo pamenepa nkhaniyi ikutikhudza. Mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku Wenela itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, ndipo migodiyo inataya antchito ochuluka zedi m'kanthawi kochepa. Mtengo wa golide sukanatha kubweza anthu amenewo, monganso sungathe kufupikitsa dzenje. Lero mgodi wa Mponeng wafika pafupifupi makilomita anayi pansi pa nthaka, kumene thanthwe limatentha kwambiri moti amachita kutsitsako madzi oundana, ndipo dziko lonse la South Africa likutulutsa matani pafupifupi 100 okha pa chaka.

Zaka 17 zimene zinaonetsa zonse

Kuti tione njira ziwirizi zikuyenda limodzi, tiyang'ane kuyambira 2001 mpaka 2018.

Mu 2001 golide anali pa madola pafupifupi 270. Migodi inatulutsa matani pafupifupi 2,600, ndipo wosungunulidwanso anali pafupifupi matani 700. Makampani anali atatha zaka zambiri akuchepetsa ndalama zofufuzira golide chifukwa cha mtengo wotsika. Kenako mtengo unayamba kukwera chaka ndi chaka, mpaka unadutsa madola 1,000 mu Malichi 2008. Pa zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo mtengo unawirikiza katatu, koma zotuluka m'migodi zinatsika kufika pa matani pafupifupi 2,400. Panalibe migodi yatsopano yokwanira kulowa m'malo mwa yokalamba, chifukwa sinafufuzidwe zaka khumi m'mbuyomo. Pa nthawi yomweyo golide wosungunulidwanso anakwera, ndipo pofika 2009 anali ataposa kuwirikiza kawiri. Pafupifupi golide yense wowonjezera amene msika unalandira m'zaka zimenezo anachokera m'makabati.

Mtengo unafika pachimake mu Sepitembala 2011, pa madola pafupifupi 1,900. Apa makampani a migodi anali atakhulupirira, ndipo ndalama zinkakhuthulidwa m'migodi yatsopano. Koma onse ankafuna zinthu zofanana nthawi imodzi: mainjiniya, matayala a magalimoto akuluakulu, makina oboolera, dizilo. Mitengo ya zonsezi inakwera, maboma anakweza misonkho, ndipo phindu lalikulu limene ankayembekezera linadyedwa ndi zolipira. Kenako mu Epulo 2013 mtengo unagwa mwadzidzidzi, n'kupitiriza kutsika mpaka madola pafupifupi 1,050 mu Disembala 2015.

Mabanja anayankha nthawi yomweyo potseka makabati. Pofika 2015 golide wosungunulidwanso anali atatsika kufika pa matani pafupifupi 1,100, ndipo mashopu ambiri ogula golide wakale anatsekedwa. Migodi inachita zosiyana. Imene inayambidwa mtengo uli pamwamba inali ikungomalizidwa kumene, ndipo mgodi woti wamangidwa kale suimitsidwa bola ukubweza ndalama za dizilo ndi malipiro, popeza ngongole ikudikira. Zotuluka m'migodi zinadutsa matani 3,000 mu 2013 ndipo zinapitirira kukwera mpaka kuposa matani 3,500 mu 2018, patatha zaka zisanu ndi ziwiri mtengo utafika pachimake. Ena sanafike n'komwe. Kampani ya Barrick inawononga madola mabiliyoni angapo pa mgodi wa Pascua-Lama, m'mapiri a m'malire a Chile ndi Argentina, koma ntchito inaimitsidwa mu 2013 chifukwa cha milandu yokhudza madzi, kukwera kwa ndalama zomangira ndi kugwa kwa mtengo. Mgodiwo sunatsegulidwe.

Phunziro lake ndi loti golide wosungunulidwanso amachepetsa liwiro la mtengo mbali zonse ziwiri. Mtengo ukamakwera iye amachuluka, ukamatsika iye amachepa. Wa mumgodi amafika mochedwa, kawirikawiri phwando litatha, ndipo akhoza kuwonjezera kulemera pa msika umene wayamba kale kutsika.

Okumba ndi fosholo

Pali gulu limodzi la okumba limene silitsatira lamulo la zaka khumi, ndipo ndi gulu limene timalidziwa bwino kuno kwathu. Okumba ang'onoang'ono, a fosholo, piki ndi beseni, amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a golide wokumbidwa padziko lapansi. Iwo safuna chigayo cha mamiliyoni kapena ngongole ya kubanki. Mtengo ukakwera, kapena ndalama ya dziko ikagwa, kapena mvula ikakanika, munthu amasiya khasu n'kupita kumtsinje sabata lomwelo. Pa liwiro amafanana ndi mayi wa mkanda uja kuposa kampani ya migodi.

Ku Zimbabwe, kumene amatchedwa makorokoza, okumba ang'onoang'ono ndiwo amapereka golide woposa theka la amene amafika ku Fidelity, malo a boma oyengera golide. Ku Zambia anthu anakhamukira ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga mu 2019 mbiri itangomveka. Ku Malawi taona zomwezo ku Makanjira m'boma la Mangochi ndi m'madera ena, ndipo mu 2021 Banki Yaikulu ya Reserve inayamba kugula golide kwa okumba oterewa kudzera ku Export Development Fund. M'maiko athu ano mabanja ambiri alibe zibangili za golide zosunga monga a ku India kapena ku Turkey, choncho mtengo ukakwera sititsegula makabati, timatsegula nthaka.

Liwiro limeneli lili ndi mtengo wake. Maenje okumbidwa mothamanga, opanda mizati, amagumuka nthawi ya mvula n'kukwirira anthu. Mekyule amene ambiri amagwirira golide amalowa m'mapapo akamawotchedwa, ndipo wotsala amapita m'mitsinje ndi m'nsomba. Komanso golide ameneyu amatsata wogula wolipira bwino. Mtengo wa boma ukatsalira kumbuyo kwa mtengo wa wogula wam'mbali, kapena malipiro akachedwa, golide amawoloka malire usiku ndipo salembedwa paliponse. Ndiye ziwerengero za boma zikatsika pamene mtengo ukukwera, nthawi zambiri si kuti anthu asiya kukumba. Wina amadzalowa pamsika wa dziko lonse atalembedwa ngati wosungunulidwanso, chifukwa akangosungunulidwa pamodzi ndi mphete zakale palibe angadziwe kumene wachokera. N'chifukwa chake oyenga ovomerezeka amakakamizidwa kufufuza gwero la golide aliyense amene alandira.

Mmene tingawerengere nkhani za mtengo

Mu 2025 golide anadutsa madola 3,000 mu Malichi, kenako madola 4,000 mu Okutobala. Amene akufuna kudziwa ngati golide wochuluka ali m'njira asayang'ane zimene migodi yatulutsa chaka chino, chifukwa zimenezo zinagamulidwa kalekale. Ayang'ane ndalama zimene makampani akuika pa kufufuza ndi kumanga, pakuti zimenezo ndizo zidzaoneke pamsika m'zaka za m'ma 2030. Akamva kuti kampani yaikulu yagula inzake, adziwe kuti golide wa padziko sanawonjezeke ngakhale galamu imodzi, wangosintha mwini. Ndipo akafuna kudziwa zimene zichitike m'miyezi ikubwerayi, ayang'ane ngati anthu a ku India, ku China, ku Turkey ndi ku Ulaya ayamba kugulitsa zokongoletsera zawo kapena akusungabe. Mtengo ukakwera kwambiri koma iwo osagulitsa, ndiye kuti akuyembekezera kuti ukwerabe, kapena sakukhulupirira ndalama ya mapepala imene angalandire.

Kwa ife nkhaniyi ili ndi mbali yofuna kusamala. Munthu akabwera kumudzi kapena ku boma n'kunena kuti popeza mtengo wakwera atsegula mgodi waukulu chaka chamawa, tiyenera kumufunsa kuti waboola mabowo angati, wapeza magalamu angati pa tani, ndipo mgodi wakewo ungapulumuke ngati mtengo utagwa ndi theka. Amene alibe mayankho a mafunso atatuwa akugulitsa chiyembekezo chabe. Golide amene angawonjezeke msanga m'dziko ngati lathu ndi wa okumba ang'onoang'ono, ndipo ngati tikufuna kuti apindulire dziko, pafunika wogula wovomerezeka amene amalipira mtengo wa tsikulo nthawi yomweyo, ziphaso zosavuta kupeza, ndi alangizi ofika pamaenje kukaphunzitsa kuika mizati ndi kugwira golide popanda mekyule. Zimenezi zikhoza kukonzedwa m'chaka chimodzi, mtengo ukadali pamwamba, pamene mgodi waukulu ukhala usanamalize ngakhale kafukufuku wake.